Mabokosi ndi Mivi M'mawu: Kulongosolera Osaona Chithunzi cha Kamangidwe ka Makina

Pulogalamu yowerengera anthu osaona zimene zili pa sikirini ya kompyuta kapena foni imadalira zilembo. Ikafika pa chithunzi imanena kuti pali chithunzi, kenako imatchula mawu amene wolemba anaika kuseri kwake. Wolembayo akapanda kuikapo kanthu, pulogalamu ina imangodumpha, ina imatchula dzina la failo, monga `diagram_final_v3.png`, ndipo womvetsera amangodziwa kuti waphonya chinachake.

Chithunzi cha munthu akulandira chikho chimalongosoleka m'chiganizo chimodzi. Koma pali mtundu wina wa zithunzi umene sulola zimenezo. Akatswiri a makompyuta akafuna kusonyeza mmene makina aakulu amagwirira ntchito, monga a banki, a chipatala kapena ogulitsira magetsi pa foni, amajambula mabokosi ambiri olumikizidwa ndi mivi. Bokosi lililonse ndi chigawo cha makinawo, ndipo muvi uliwonse ukusonyeza chigawo chimene chimatumiza uthenga ku chinzake. Chithunzi chotere chimapezeka m'malipoti, m'mabuku a ophunzira ndi m'zikalata zophunzitsira antchito atsopano. Nthawi zambiri mfundo yaikulu ya chikalata chonse imakhala ili mmenemo. Wophunzira kapena katswiri wosaona akamanidwa chithunzicho, ndiye kuti wamanidwa nkhani yonse, ngakhale atawerenga ndime zonse zozungulira.

Malo oikamo mawu olowa m'malo mwa chithunzi amatchedwa `alt`, ndipo analipo kale mu HTML 2.0 ya 1995, chinenero cholembera masamba a pa intaneti. Bungwe la W3C, limene limakonza miyezo ya masambawa, lili ndi malangizo otchedwa WCAG. Lamulo loyamba penipeni m'malangizo a 2008, la nambala 1.1.1, likupezekabe m'malangizo atsopano a 2023. Mfundo yake ndi yakuti chilichonse chimene si zilembo chikhale ndi mawu ogwira ntchito yofanana ndi imene chinthucho chimagwira kwa woona. Lamuloli silifuna kuti mufotokoze maonekedwe a chithunzi. Likufuna kuti wosaona adziwe zimene woona wadziwa. Pa chithunzi cha mabokosi ndi mivi, zinthu ziwirizi zimasiyana kwambiri.

Khutu limalandira chimodzichimodzi

Maso akagwera pa chithunzi amaona zonse pamodzi. Amaona bokosi limene mivi yambiri yalozako, amaona mabokosi amene ali m'gulu limodzi, amabwerera kumene anachokera popanda kuvutika. Khutu silitero. Mawu amabwera motsatizana, ndipo amene apita ayenera kusungidwa m'mutu. Amene amawerenga ndi zala pa kachipangizo kotulutsa zilembo za Braille nayenso amalandira pang'onopang'ono, chifukwa zipangizo zambiri zotere zimaonetsa mzere umodzi wokha wa zilembo pafupifupi 40.

Komabe osaona samvetsera tsamba kuyambira pamwamba mpaka pansi ngati wailesi. Amadumphadumpha. Pa NVDA, pulogalamu yaulere imene Michael Curran anayamba ku Australia mu 2006 n'kuikulitsa limodzi ndi James Teh, onse awiri osaona, batani la `H` limakufikitsani pa mutu wotsatira, `L` pa mndandanda, `T` pa tebulo, `G` pa chithunzi. JAWS ili ndi mabatani onga omwewa, ndipo VoiceOver ya Apple ndi TalkBack ya pa mafoni a Android zili ndi njira zawo zodumphira. Umu ndi mmene wosaona amachitira zimene woona amachita poyendetsa maso.

Vuto la `alt` lagona pamenepa. Zimene mwalemba mmenemo zimakhala mawu ongotsatizana, opanda mitu, opanda mndandanda, opanda tebulo, opanda poti n'kudina. Mukathiramo mawu 300, womvetsera alibe podumphira, ndipo akasokonezeka pakati zimamuvuta kupeza pamene analekezera. Choncho chithunzi chovuta chimafuna malongosoledwe awiri. Oyamba ndi aafupi, a mu `alt`, onena kuti chithunzichi n'chiyani, chikuphunzitsa chiyani ndiponso zambiri zili kuti. Achiwiri ndi aatali, olembedwa pa tsamba penipeni, okhala ndi mitu ndi mindandanda yoti munthu n'kuyendamo.

Chithunzi choti tigwirepo ntchito

Tiyeni titenge chitsanzo chongopeka, chosakhala cha kampani iliyonse, koma cha ntchito imene ambiri timaidziwa: kugula mayunitsi a magetsi pa foni. Mumalemba nambala ya mita ndi ndalama, ndalama zimadulidwa, kenako uthenga umabwera ndi nambala ya manambala 20 yokalowetsa pa mita. Tinene kuti gulu la akatswiri lalemba lipoti lofotokoza chifukwa chimene nthawi zina ndalama zimadulidwa koma nambala n'kuchedwa. Mu lipotimo muli Chithunzi 3.

Chithunzicho chili ndi mabokosi 9 ndi mivi 11. Mabokosi atatu ali kunja: Foni ya Wogula, Kampani ya Ndalama ndi Kampani ya Mauthenga. Mabokosi asanu ali mkati mwa chigawo chopakidwa utoto wotuwa chotchedwa Likulu: Chipata, Wolandira Maoda, Mzere, Wopanga Nambala ndi Nkhokwe Yaikulu. Bokosi lomaliza, Nkhokwe Yapadera, lili lokha m'chigawo china chotchedwa Malo Achiwiri. Mivi 6 ndi ya mzere wosaduka, mivi 5 ndi yodukaduka. Chipata ndi Wolandira Maoda ajambulidwa ngati mabokosi awiriawiri osanjikizana. Wopanga Nambala wazunguliridwa ndi mzere wofiira. Pakona pali kabokosi kotanthauzira zizindikirozi.

Zimene mwangowerengazi ndi maonekedwe a chithunzi, ndipo n'zimene anthu ambiri amalemba akauzidwa kuti alongosole. Zonse ndi zoona. Koma yesani kuyankha: n'chifukwa chiyani nambala imachedwa? Simungathe, chifukwa palibe chimene chanenedwa chokhudza amene amatumiza uthenga kwa mnzake, chimene chimayamba ndi chimene chimatsatira, kapena tanthauzo la mzere wofiira uja. Woona akanayankha atangoyang'ana kwa kanthawi kochepa.

Mawu aafupi: yambani ndi funso la chikalata

Musanalembe chilichonse, dzifunseni chifukwa chimene chithunzichi chaikidwira pa tsamba limeneli. Yankho lake limapezeka m'ndime zozungulira kapena kwa amene anajambula. Mu lipoti lathu yankho ndi lakuti oda iliyonse imadutsa kwa Wopanga Nambala, amene alipo mmodzi yekha, ndipo akaima maoda olipiridwa kale amaunjikana mu Mzere. Mfundo imeneyi ndiyo iyenera kumveka msanga.

Kulemba kuti "chithunzi cha kamangidwe ka makina" sikuthandiza, chifukwa kumangotchula mtundu wa chithunzi. Kukopera mayina onse a m'mabokosi n'kuwandandalika sikuthandizanso, chifukwa mayina opanda mivi sanena kanthu. Mawu oyenera angakhale awa:

"Kamangidwe ka makina ogulitsira mayunitsi pa foni, zigawo 9. Oda iliyonse yolipiridwa imadikira mu Mzere mpaka Wopanga Nambala, amene alipo mmodzi yekha, aitenge. Malongosoledwe onse ali pansi pa chithunzi."

Ziganizo zitatu, chilichonse ndi ntchito yake. Choyamba chikuuza munthu mtundu ndi kukula kwa chinthu chimene wakumana nacho, kuti akonzekere. Chachiwiri chikupereka phunziro lake. Chachitatu chikumulozera kumene angapeze zotsala, kuti asankhe yekha kupitako kapena kupitiriza kuwerenga. Simufunika kuyamba ndi mawu akuti "chithunzi cha", chifukwa pulogalamu imanena kale kuti ichi ndi chithunzi. Anthu ambiri amalangiza kuti `alt` isapitirire zilembo 125. Malire amenewa mulibe mu WCAG, ndipo mawu a Chichewa ndi otalika kotero kuti mungawapitirire mosavuta. Chofunika n'chakuti munthu amve kamodzi n'kugwira.

Dziwaninso kuti chithunzi chomwechi chikaikidwa m'chikalata china, mawu aafupi amasintha. Mu lipoti la chitetezo, chiganizo chachiwiri chikanati mauthenga onse ochokera kunja amalowera pa Chipata chokha, ndipo palibe chakunja chimene chimafika ku Nkhokwe mwachindunji. Mabokosi ndi omwewo, koma funso la wowerenga ndi lina.

Mawu aatali: magulu poyamba, kenako ulendo

Mlendo akakuimbirani foni kufunsa njira ya kwanu, simumuuza nyumba zonse za m'mudzi kuyambira kummawa mpaka kumadzulo. Mumayamba ndi pamene waima, n'kumuyendetsa: mukatsika pa siteji mutsate msewu wafumbi, mukafika pa chigayo mukhotere kumanja. Malongosoledwe aatali a chithunzi amamangidwa chimodzimodzi. Kuwerenga mabokosi kuchokera kumanzere kupita kumanja kumatsata mmene wojambula anapezera malo pa pepala, pamene kutsata ulendo wa oda imodzi kumatsata mmene makinawo amagwirira ntchito.

Gawo loyamba likhale ndime imodzi ya chidule, yonena kuchuluka kwa zinthu ndi magulu ake: zigawo 9 m'magulu atatu, zitatu kunja, zisanu ku Likulu, chimodzi ku Malo Achiwiri, ndi malumikizano 11. Manambala amenewa amathandiza womvetsera kudziwa pamene wamva zonse. Akawerenga zigawo 8 n'kufika kumapeto, amadziwa kuti wadumpha chimodzi.

Gawo lachiwiri likhale mndandanda wa zigawo, woikidwa m'magulu ake, chigawo chilichonse ndi mzere umodzi wonena ntchito yake. Mwachitsanzo: Chipata chimalandira mauthenga onse ochokera kunja, ndipo chili pa maseva awiri. Mzere umasunga maoda olipiridwa mpaka atatengedwa. Nkhokwe Yaikulu imasunga mamita, maoda ndi manambala. Magulu ndi ofunika chifukwa mutu wa munthu umasunga bwino magulu atatu kusiyana ndi mayina 9 omwazikana.

Gawo lachitatu ndilo mtima wa ntchito yonse: ulendo wa oda imodzi, m'masitepe a manambala.

1. Foni ya Wogula imatumiza nambala ya mita ndi kuchuluka kwa ndalama ku Chipata, n'kudikira yankho.
2. Chipata chimapereka pempholo kwa Wolandira Maoda.
3. Wolandira Maoda amafufuza mitayo mu Nkhokwe Yaikulu n'kulembamo oda yatsopano.
4. Wolandira Maoda amapempha Kampani ya Ndalama kuti idule ndalama za wogula.
5. Ndalama zikadulidwa, Kampani ya Ndalama imatumiza chitsimikizo ku Chipata, ndipo Chipata chimachipereka kwa Wolandira Maoda.
6. Wolandira Maoda amaika odayo mu Mzere n'kupitiriza ntchito zina, osadikira.
7. Wopanga Nambala amatenga oda mu Mzere pamene wapeza mpata.
8. Wopanga Nambala amapanga nambala ya mayunitsi n'kuilemba mu Nkhokwe Yaikulu.
9. Wopanga Nambala amapereka nambalayo ku Kampani ya Mauthenga.
10. Kampani ya Mauthenga imatumiza uthenga ku Foni ya Wogula.

Taonani mmene ziganizozi zamangidwira. Chilichonse chimayamba ndi wotumiza, chimatchula chimene chikutumizidwa, n'kumaliza ndi wolandira. Kulemba kuti "Mzere ndi wolumikizidwa ndi Wopanga Nambala" kumataya nsonga ya muvi, ndipo womvetsera sadziwa amene amayambitsa. Pa makina a kompyuta, amene amayambitsa uthenga ndi nkhani yaikulu, chifukwa ndiye amasonyeza chimene chidzaima china chikawonongeka. Taonaninso kuti dzina lililonse labwerezedwa lonse, popanda kulisintha kuti chiganizo chikome. Kusukulu tinaphunzitsidwa kupewa kubwereza mawu, koma pano mukatchula Nkhokwe Yaikulu pa sitepe 3 kenako n'kunena "kosungira zinthu" pa sitepe 8, womvetsera adzaganiza kuti ndi zigawo ziwiri. Ndipo ngati pa chithunzi palembedwa `API Gateway`, lembani momwemo ngakhale malongosoledwe ali m'Chichewa, chifukwa pa msonkhano anzake adzatchula dzina limenelo.

Masitepe 10 aja atenga mivi 10. Wotsala ndi umodzi, umene suli pa ulendo wa oda: Nkhokwe Yaikulu imakopera zonse zimene yalemba ku Nkhokwe Yapadera, ndipo sidikira kuti kukoperako kuthe. Mivi yotere, ya zosunga zapadera, ya zoyang'anira thanzi la makina ndi ya njira zodzera zinthu zikavuta, ndiyo imaiwalika kawirikawiri. Ipatseni kamutu kake. Mukamaliza, werengani mivi ya pa chithunzi ndi ya m'mawu, muone ngati zikufanana.

Zimene maso amatola osauzidwa

Gawo lachinayi ndi limene limasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongokwaniritsa lamulo. Pa chithunzi pali zinthu zimene sizinalembedwe m'mawu koma woona amazitola.

Choyamba ndi mitundu ndi maonekedwe a mizere. Musalembe kuti muvi ndi wodukaduka n'kulekera pomwepo. Pitani ku kabokosi kotanthauzira, muone tanthauzo lake, mulembe tanthauzolo. M'chithunzi chathu muvi wosaduka ukutanthauza kuti wotumiza amadikira yankho, wodukaduka kuti sadikira. N'chifukwa chake sitepe 6 ili ndi mawu akuti "osadikira". Mabokosi osanjikizana akutanthauza maseva awiri, kotero imodzi ikafa inzake imapitiriza. Mzere wofiira ukutanthauza chigawo chimene chilibe cholowa m'malo mwake. Ndi bwino kutchula mtunduwo kamodzi, kuti Wopanga Nambala ndi amene wazunguliridwa ndi zofiira, chifukwa mnzake wa ku ofesi akhoza kunena kuti "vuto lili pa bokosi lofiira lija", ndipo wosaona ayenera kudziwa limene akunena. Koma mtundu umene wangoikidwa kuti chithunzi chikongole usatchulidwe n'komwe.

Chachiwiri ndi mivi imene palibe. Mabokosi 9 akhoza kupanga mapeya 36 osiyanasiyana, koma olumikizidwa ndi 11 okha. Woona amaona mipata yopanda mivi popanda kuganiza. Womvetsera kuti adziwe kuti Wolandira Maoda salankhula ndi Wopanga Nambala mwachindunji, ayenera kusunga malumikizano onse 11 m'mutu n'kuona kuti limeneli mulibe. Umenewo ndi mtolo wosafunika. Simungalembe mipata yonse 25, koma lembani iwiri kapena itatu imene ili ndi tanthauzo: Wolandira Maoda ndi Wopanga Nambala amakumana kudzera mu Mzere basi, palibe chigawo chakunja chimene chimafika ku Nkhokwe, Nkhokwe Yapadera imangolandira, situmiza kulikonse.

Chachitatu ndi pamene mivi yachulukira. Woona amazindikira msanga kuti Wolandira Maoda ndiye ali pakati pa zinthu, wolumikizidwa ndi zigawo zinayi: Chipata, Nkhokwe Yaikulu, Kampani ya Ndalama ndi Mzere. Nenani zimenezo m'chiganizo chimodzi.

Tsopano funso la lipoti likuyankhika ndi khutu lokha. Ndalama zimadulidwa pa sitepe 4 ndi 5. Nambala imapangidwa pa sitepe 8. Pakati pake pali Mzere, ndipo amene amatenga mu Mzeremo ndi mmodzi. Akaima, masitepe 1 mpaka 6 amapitirira ngati palibe vuto, anthu amalipirabe, koma masitepe 7 mpaka 10 sachitika.

Pali malire amene wolongosola ayenera kuwasunga. Lembani zimene chithunzi chikusonyeza, osati zimene mukuganiza kuti makinawo amachita. Ngati chithunzi sichikusonyeza chimene chimachitika Kampani ya Ndalama ikakana, musapeke sitepe yobwezera uthenga. Ndipo mukapeza muvi umene simukudziwa kumene ukuloza, kapena mtundu umene sunatanthauziridwe, musalote. Funsani wojambula. Kawirikawiri muvi umene wakanika kulembedwa m'chiganizo umakhala wosokoneza kwa oona omwe, kungoti iwo amaudutsa osafunsa.

Chithunzi chikakula kwambiri

Mabokosi 9 ndi ochepa. Zithunzi zina zimakhala ndi mabokosi 40 ndi maulendo angapo. Pamenepo ulendo umodzi sukwanira, ndipo pali njira ziwiri zothandiza.

Yoyamba ndi tebulo la malumikizano, lokhala ndi mizati inayi: wotumiza, wolandira, chotumizidwa, ndi ngati amadikira. Mzere uliwonse wa tebulo ndi muvi umodzi. Pa NVDA ndi JAWS munthu amayenda m'tebulo ndi `Control+Alt` pamodzi ndi mabatani a mivi, ndipo pulogalamu imamuuza mutu wa mzati akasamuka, malinga ngati mituyo inalembedwa monga mitu yeniyeni ya tebulo. Katswiri amene akufuna kudziwa zonse zimene zimalemba mu Nkhokwe Yaikulu amangotsika mzati wa wolandira. Tebulo silifotokoza nkhani, choncho limabwera pambuyo pa ulendo, osati m'malo mwake.

Yachiwiri ndi kulongosola m'magawo, kuyambira patali kubwera pafupi. Simon Brown, amene anakonza njira yojambulira yotchedwa C4, amalangiza kujambula makina pa milingo inayi: makina onse ndi anthu ndi makina ena owazungulira, kenako zigawo zikuluzikulu, kenako za mkati mwa chigawo chimodzi, kenako mapulogalamu enieniwo. Ngakhale wojambula ataunjika zonse pa pepala limodzi, wolongosola akhoza kutsata dongosolo lomweli pogwiritsa ntchito mitu ndi timitu. Womvetsera amayamba wamva magulu asanu, n'kusankha gulu loti alowemo.

Poika malongosoledwe

Malo abwino kwambiri ndi pa tsamba lomwelo, pansi pa chithunzi, pamene aliyense angawaone. Ngati akutalikitsa tsamba, akhoza kupindidwa kuti atseguke munthu akadina:

```html
<figure>
  <img src="chithunzi3.png" alt="Kamangidwe ka makina ogulitsira mayunitsi...">
  <figcaption>Chithunzi 3: Ulendo wa oda</figcaption>
</figure>
<details>
  <summary>Malongosoledwe a Chithunzi 3</summary>
  <h3>Zigawo</h3>
</details>
```

Pali misampha itatu yodziwika. Woyamba ndi `longdesc`, imene inapangidwira ntchito yomweyi m'masiku a HTML 4 koma mapulogalamu ambiri otsegulira masamba sanaithandize bwino, moti siyodalirika. Wachiwiri ndi `aria-describedby`. Imalumikizadi chithunzi ndi malongosoledwe, koma pulogalamu imawerenga zonsezo ngati mawu ongotsatizana, mitu ndi mindandanda itasungunuka, ndiye mwabwerera ku vuto lomwe lija la `alt` yaitali. Wachitatu ndi kusiya `alt=""` yopanda kanthu, chimene chimauza pulogalamu kuti chithunzichi n'chokongoletsa chabe ndipo ichidumphe. Wosaona sadziwa n'komwe kuti pali Chithunzi 3 mpaka wina atachitchula.

M'zikalata za Word ndi PowerPoint vuto limakhala lina. Chithunzi chojambulidwa mommo chimakhala tizidutswa tambiri, bokosi palokha, muvi pawokha, ndipo pulogalamu ikhoza kutiwerenga kamodzikamodzi m'dongosolo losamveka. Mangani tizidutswato kukhala gulu limodzi, kapena sandutsani zonse chithunzi chimodzi, muike mawu aafupi pa icho, malongosoledwe aatali akhale m'ndime zotsatira. Mukasandutsa chikalatacho kukhala PDF, musankhe njira yosunga zizindikiro za mitu ndi matebulo, apo ayi ntchito yonse ija imatayika.

Akatswiri ena sajambula ndi dzanja, amalemba chithunzi m'mawu n'kusiya pulogalamu ijambule. Mermaid, imodzi mwa zida zotere, ili ndi malo a mutu ndi malongosoledwe:

```
flowchart LR
  accTitle: Ulendo wa oda
  accDescr: Oda imadikira mu Mzere mpaka Wopanga Nambala aitenge.
  Mzere -.-> WopangaNambala
```

Katswiri wosaona akhoza kuwerenga mizere imeneyi yekha, ngakhale kuikonza, choncho ndi bwino kuipereka pamodzi ndi chithunzi. Koma siilowa m'malo mwa malongosoledwe, chifukwa imandandalika mivi popanda kunena umene uli wofunika.

Kuyesa ngati zagwira

Mapulogalamu oyesera masamba amatha kukuuzani kuti `alt` ilipo kapena palibe. Sangakuuzeni ngati ikuthandiza. Kuyesa kwenikweni kumafuna anthu.

Yambani ndi mnzanu amene sanaonepo chithunzicho. Mpatseni malongosoledwe okha, pepala ndi cholembera, ajambule. Mabokosi ake adzakhala pamalo ena, ndipo zimenezo zilibe kanthu. Werengani mivi. Muvi ukasowa, ndiye kuti simunautchule. Ukaloza kolakwika, chiganizo chanu sichinanene wotumiza. Akajambula mabokosi 10 m'malo mwa 9, mwatchula chigawo chimodzi ndi mayina awiri.

Kenako tsegulani NVDA, yomwe ndi yaulere, mutseke maso kapena muzimitse sikirini, muyende pa tsambalo ndi `G`, `H` ndi `L`. Mudzamva zinthu zimene maso sakanakuuzani: zidule zimene pulogalamu ikuzitchula ngati mawu achilendo, zizindikiro za mivi zimene ikuzidumpha kapena kuzitchula ndi mayina aatali, ndi ziganizo zimene zimatha munthu ataiwala chiyambi chake. N'chifukwa chake m'malongosoledwe ndi bwino kulemba "imatumiza ku" m'malo moika kachizindikiro ka muvi.

Pomaliza, pemphani munthu wosaona amene amadziwa ntchitoyo awerenge, ndipo mumulipire monga mmene mungalipirire katswiri aliyense. Musamufunse ngati zamveka, chifukwa ambiri amavomera mwaulemu. Mufunseni mafunso amene chithunzicho chinapangidwira: Wopanga Nambala akaima, n'chiyani chimachitikira oda yolipiridwa? Ndi zigawo ziti zimalemba mu Nkhokwe Yaikulu? Muone ngati wayankha molondola, ndiponso ngati anapeza yankho mosavutika kapena anachita kuwerenga zonse kuyambira pamwamba.

Chotsala ndi kusamala kuti malongosoledwe asakalambe. Makina amasintha. Tsiku lina gululo lidzaika Wopanga Nambala wachiwiri, lidzachotsa mzere wofiira pa chithunzi, koma mawu a mu `alt` adzakhala akunenabe kuti alipo mmodzi yekha. Woona sadzazindikira, chifukwa `alt` saiona, ndipo wosaona adzapita ku msonkhano ndi mfundo yakale akuiyesa yoona. Malongosoledwe olakwika amavulaza kuposa osowa, chifukwa osowa amadziwika kuti akusowa. Njira yopewera ndi kusunga chithunzi ndi mawu ake pamalo amodzi, kuika gawo lalitali poonekera kuti aliyense aone likatsalira, ndi kugwirizana kuti amene wasintha muvi asinthenso chiganizo chake tsiku lomwelo. Munthu woyenera kulemba ziganizozi poyamba ndi wojambula mwini, chifukwa ndiye akudziwa chimene muvi uliwonse ukutanthauza, ndipo wokonza chikalata angomuthandiza kuzisalaza.